Chachule: n'chochedwa, n'chotopetsa, ndipo oweruza sachiphethira

Mwaswera bwanji nonse, ana anga osambira, ndi inunso makolo amene mumamvetsera nawo mauthengawa. Lero ndasankha kujambula mawu chifukwa nkhaniyi ndikati ndiilembe zala zitopa. Pezani pokhala, mumvetsere mpaka kumapeto, chifukwa zimene ndinene panozi ndi zomwe tikachite tikakumana kudziwe.

Pali mafunso awiri amene akhala akundipeza. Wina akuti, aphunzitsi, bwanji chachule chimandithetsa mpweya chonchi pomwe ndimayenda pang'onopang'ono? Wina akuti, bwanji oweruza amatichotsa mu mpikisano kawirikawiri pa chachule, koma pa fulisitayilo sationa n'komwe? Ine ndikuti mafunso awiriwa yankho lake ndi limodzi. Ndiloleni ndiyambire patali pang'ono.

Pa mpikisano pali masambiridwe anayi. Pali fulisitayilo, ija yosinthanitsa manja chafufumimba. Pali chagada, imene ena amati bakisitiroko. Pali chagulugufe, batafulayi ija. Ndiye pali chachule, buresitisitiroko. Kuti tione liwiro lake, titenge mtunda umodzi, mamita 100 a amuna, mu dziwe lalitali la mamita 50. Pan Zhanle wa ku China anasambira fulisitayilo pa masekondi 46.40 ku Paris mu 2024. Caeleb Dressel wa ku America anasambira chagulugufe pa 49.45 ku Tokyo mu 2021. Thomas Ceccon wa ku Italy, chagada, 51.60, ku Budapest mu 2022. Adam Peaty wa ku Britain, chachule, 56.88, ku Gwangju mu 2019.

Manambalawo musavutike kuwaloweza. Ingoyerekezani kuti anthu anayiwa anyamukira limodzi, aliyense mu kanjira kake. Wa fulisitayilo akamagunda khoma pomaliza, wa chagulugufe watsala ndi mamita pafupifupi 6. Wa chagada watsala ndi 10. Wa chachule, munthu amene pa nthawiyo panalibe womuposa padziko lonse, watsala ndi mamita 18. Tangoganizani, 18. Ndiye mwaona mndandanda wake: fulisitayilo patsogolo, chagulugufe, chagada, chachule kumchira, ndipo osati pafupi ayi.

Tsono pa nkhani ya mphamvu mndandandawo umasinthako. Mukatenga munthu mmodzi wodziwa masambiridwe onse bwino, n'kumuuza kuti asambire pa liwiro lofanana, fulisitayilo ndi imene imadya mphamvu zochepa. Chagada chimatsatira. Chagulugufe ndi chachule ndiye zimadya kwambiri. Chagulugufe chimakudyerani mphamvu koma chimakubwezerani liwiro. Chachule chimakudyerani mphamvu, liwirolo osakupatsani.

Chifukwa chake ndi ichi, ndipo apa mumvetsetse. Madzi ndi olemera kuposa mpweya pafupifupi ka 800. Akamakutchingani sachita masewera. Komanso kutchinga kwakeko sikukula mofanana ndi liwiro lanu ayi. Mukawonjezera liwiro kawiri, madzi amakukankhani kanayi. Mukawonjezera katatu, amakukankhani ka 9. Ndiye titenge osambira awiri. Woyamba akuyenda pa liwiro la 2 nthawi yonse, osakwera osatsika. Madzi akumukankha ndi mphamvu ya 4, basi. Wachiwiri akuyenda modukiza, theka la nthawi pa liwiro la 3, theka linalo pa liwiro la 1. Mukawerengera, onse afika nthawi imodzi. Koma wachiwiriyu pa 3 paja madzi amukankha ndi 9, pa 1 paja amukankha ndi 1, pakati pake ndi 5. Wina walipira 4, wina walipira 5, ulendo womwewo.

Pa fulisitayilo ndi chagada, dzanja lina likamabwerera pamwamba, linalo likukoka pansi, choncho thupi limangoyenderera ngati woyamba uja. Pa chagulugufe manja onse amakoka limodzi, n'kubwerera limodzi, ndiye liwiro limakwera n'kutsika, komanso mumanyamula mapewa ndi mutu kuchoka m'madzi nthawi iliyonse. Komabe manjawo amabwerera mumpweya, mopanda chotchinga. Pa chachule ndiye pamavuta. Manja amabwerera kutsogolo akukankhana ndi madzi. Mawondo amapindika, ntchafu n'kusanduka ngati chitseko choyang'anizana ndi madzi. Pa kamphindi kameneko, zidendene zikamabwera kumatako, thupi limatsala pang'ono kuima. Kenako mumaliyambitsanso. Kuima, kuyamba, kuima, kuyamba. Aliyense amene anakankhapo chinthu cholemera akudziwa kuti chopweteka ndi kuchiyambitsa, osati kuchipitiriza. Mpweya wanu umathera pamenepo.

Tsopano tigwirizanitse ndi oweruza aja. Popeza chachule ndi chochedwa chotere, kanthu kalikonse kamene mungabe kuchokera ku masambiridwe ena kamakuthamangitsani. Kutulutsa manja pamwamba kumathamangitsa. Kukupiza miyendo yonse limodzi m'mwamba ndi pansi ngati dolofini, nyama ya m'nyanja ija, kumathamangitsa. Kukhalitsa pansi pa madzi kumathamangitsa. Malamulo ambiri a chachule anabwera chifukwa wina anapeza njira yachidule. Chagulugufe chenichenicho chinabadwira mu chachule. Osambira anayamba kuponya manja pamwamba pa madzi, miyendo ili yachule, n'kumasiya anzawo kutali, mpaka mu 1952 bungwe loyang'anira masewera osambira padziko lonse la FINA, limene lero likutchedwa World Aquatics, linazilekanitsa kuti akhale masambiridwe awiri. Mu 1956 ku Melbourne, Masaru Furukawa wa ku Japan anapambana mamita 200 a chachule akusambira mbali yaikulu pansi pa madzi, ndipo pambuyo pake lamulo linaletsa zimenezo. Fulisitayilo ilibe vuto limeneli. Dzina lake lomwelo likutanthauza kuti sambira mmene ukufunira, ndipo palibe chimene ungabwereke kwina chokuthamangitsa pamwamba pa madzi kuposa chimene ukuchita kale. N'chifukwa chake woweruza wa fulisitayilo amangoyang'ana zochepa: wagunda khoma ndi mbali ina iliyonse ya thupi, mutu watuluka usanapitirire mamita 15, sunayende pansi, sunakoke chingwe. Kuima n'kupuma kumaloledwa pa fulisitayilo, koma kuponda sitepe n'kuyenda ayi.

Chabwino. Tilowe m'madzi tsopano. Ndikufuna tiyende limodzi kuyambira pakhoma, chifukwa pamenepa ndi pamene pali phindu lalikulu komanso misampha yambiri.

Mwadumphira, kapena mwatembenuka n'kukankha khoma. Pochoka pakhomapo mukhale muli chafufumimba. Manja awongoke kutsogolo, chikhatho china pamwamba pa chinzake, mutu ubisale pakati pa mikono, mimba ilimbe. Apa ndi pamene muli ndi liwiro lalikulu kuposa pena paliponse mu mpikisano wonse, ndiye musalisokoneze. Osagwedeza kanthu. Werengani mumtima, wani, thu, firii. Mukamva kuti madzi ayamba kukugwirani, mwafika pa chachiwiri.

Chachiwiri, mumaloledwa kukupiza miyendo kamodzi, kwa dolofini kuja. Kamodzi kokha. Lamulo likuti kukupizako kuchitike nthawi ina iliyonse musanakankhe kachule koyamba. Ambiri amakupiza manja akadali kutsogolo, ena amakupiza akukoka. Zonse n'zololedwa. Ine ndimakonda kuti mukupize manja ali owongoka, chifukwa mukatero simusokonezeka, ndipo woweruza amaona bwinobwino kuti kwachitika kamodzi. Kale kukupiza kumeneku kunali koletsedwa. Mu 2004 ku Athens makamera a pansi pa madzi anaonetsa Kosuke Kitajima wa ku Japan akuoneka ngati wakupiza, panabuka mkangano, ndipo mu 2005 analola kamodzi. Msampha wake ndi uwu. Munthu akadumphira kuchokera pamwamba, miyendo imakonda kukwapula yokha polowa m'madzi. Woweruza akaona kuti kukwapulako kunali kukupiza kwenikweni, ndiye kuti mwayi wanu umodzi uja mwaudya kale. Mukadzakupiza kumene munakonzekera, kwa iye ndi kachiwiri. Choncho polowa m'madzi miyendo ikhale yolimba, zala za kumapazi zitaloza kumbuyo.

Chachitatu, kukoka kwakutali. Manja onse limodzi, kuchokera kutsogolo mpaka kuntchafu. Apa pokha ndi pamene chachule chimalola manja kupitirira chiuno, kamodzi ponyamuka ndi kamodzi pa kutembenuka kulikonse. Mukafika kuntchafu musafulumire. Liwiro lakweranso, ndiye tsamiritsani mapewa kumakutu, mutu uyang'ane pansi, werengani wani, thu.

Chachinayi, bwezani manja kutsogolo mowazembetsa, akukhudza mimba ndi chifuwa, zigongono zili pafupi ndi nthiti. Mukawatalikitsa ndi thupi mwadzimangira buleki nokha. Manja akamadutsa kumaso, zidendene zibwere, kenako kankhani kachule kamodzi, manja n'kuwongoka.

Chachisanu ndiye chimene chimagwetsa ambiri. Mwayamba kupalasa kwachiwiri. Manja akutseguka kupita m'mbali. Asanatembenuke kulowa mkati, pamene atambasuka kwambiri paja, mutu ukhale utaboola kale pamwamba pa madzi. Ndibwereze. Mutu utuluke manja asanayambe kubwerera mkati pa kupalasa kwachiwiri. Mukakhala kuti mwamira kwambiri, mumapezeka kuti mwapalasa kachiwiri mutu ukadali pansi, ndipo nkhani yathera pomwepo. Mankhwala ake si kudzutsa khosi mwadzidzidzi ayi. Mankhwala ake ndi kuyamba kukwera pang'onopang'ono kuyambira pa kukoka kwakutali kuja, kuti pokankha kachule mukhale mwatsala pang'ono kutuluka. Mudziwa bwanji kuti mwamira kwambiri? Mukawongola manja mutakankha, muzimva madzi akupepuka pamsana ndi pankhongo. Mukamva kulemera, muli pansi. Dikirani kaye manja ali kutsogolo, thupi likwere, ngakhale mutaye kamphindi. Kutaya theka la sekondi kuli bwino kusiyana ndi kuona DSQ, chizindikiro choti mwachotsedwa mu mpikisano, pafupi ndi dzina lanu.

Onani kuti pa chachule palibe lamulo la mamita 15. Masambiridwe atatu enawo ali nalo, mutu uyenera kutuluka pofika pa mamita 15, koma pansipo mutha kukupiza kangapo mmene mungathere. Pa chachule woweruza sayeza mtunda, amawerenga. Kukupiza kumodzi, kukoka kumodzi, kukankha kumodzi, mutu.

Mwatuluka tsopano, mukusambira. Dongosolo ndi manja kamodzi, miyendo kamodzi, motsatana choncho. Osati manja kawiri miyendo kamodzi, osatinso miyendo kawiri. Pa kuzungulira kulikonse mbali ina ya mutu iboole madzi. Manja ayende limodzi, asapitirire chiuno, ndipo popita kutsogolo achokere pachifuwa. Zikhatho zitha kudutsa pansi, pamwamba penipeni, ngakhale kutulukira kunja kwa madzi, koma zigongono zikhale m'madzi. Zigongono zimaloledwa kutuluka pa kupalasa komaliza musanagunde khoma ndi potembenuka basi. Chigongono chikatuluka pakati pa dziwe ndiye kuti mwayamba kulowera ku chagulugufe.

Miyendo ndiye ndikhalepo pang'ono, chifukwa woweruza woyenda m'mbali mwa dziwe uja maso ake amakhala kumapazi anu. Pa nthawi yokankha, mapazi onse awiri atembenukire kunja, zala zitaloza m'mbali, kuti mukankhe madzi ndi mkati mwa phazi ndi mwendo. Ana ambiri phazi limodzi limatembenuka bwino, linalo limaloza kumbuyo n'kumenya madzi ndi pamwamba pake. Kumeneko timati kukankha kwa sizasi, ndipo n'koletsedwa. Chovuta n'chakuti mwini wake samva. Amakhulupirira ndi mtima wonse kuti mapazi ake ali bwino. Ndinali ndi mtsikana wina wazaka 11, wolimbikira kwambiri, amene anafika woyamba pa mamita 50, n'kutuluka m'madzi akusekerera, kenako dzina lake osaoneka pa zotsatira. Phazi lakumanzere. Ndinamva kuwawa kwambiri tsiku limenelo chifukwa ndinali nditaliona phazilo pa maphunziro, n'kumati lidzakonzeka lokha. Silikonzeka lokha. Tinagwira ntchito milungu ingapo, iye atagona chagada m'madzi, manja m'mbali, akukankha kachule mawondo osatuluka pamwamba, ine ndili pambali kuyang'ana. Pa mpikisano wotsatira anamaliza popanda chodandaula.

Ndiye inu nonse chitani izi kunyumba. Khalani m'mphepete mwa mpando, wongolani miyendo, bweretsani zidendene kumpando, tembenuzani mapazi kunja, muwayang'ane ndi maso anu. Kodi atembenuka mofanana? Ngati lina likukana, mudzandiuze. Musalikakamize mpaka bondo kupweteka mkati mwake, chifukwa chachule chimavutitsa mawondo munthu akachita mopitirira.

Palinso kena kamene kamabwera ndi kutopa. Mwakankha kachule bwinobwino, mapazi akumana, kenako chiuno chikamatsika miyendo imakwapulira pansi pang'ono. Mapazi kutulukira pamwamba pa madzi si mlandu. Mlandu ndi kuwakwapulira pansi ngati dolofini pambuyo pake. Pa mamita 200, chakumapeto, thupi limafuna kuba kameneka lokha. Mapazi akakumana, afinyeni pamodzi, akhale chete mpaka nthawi yopinda mawondo.

Ndipo apa ndi pamene lamulo ndi mphamvu zimakumana. Mukakankha, wongokani, mulole thupi litsetsereke. Mphamvu yaikulu ya chachule ili m'miyendo, ndipo phindu la kukankhako mumalikolola muli owongoka. Mukathamangira kupalasa manja miyendo isanatseke, mukutsegula chitseko pa nthawi imene liwiro lili pamwamba, pamene madzi amakankha kwambiri. Mutopa kawiri, mtunda womwewo. Manja, mpweya, miyendo, tsetserekani. Pa mamita 50 kutsetserekako n'kwakufupi, pa 200 n'kotalikirapo, koma kusasowe.

Tafika pakhoma. Manja onse awiri agunde nthawi imodzi, ndipo akhale olekana. Kulekana kwake sikuti atalikirane ayi, atha kuyandikana, koma lina lisakhale pamwamba pa linzake. Kugunda pansi pa madzi, pamwamba, kapena lina m'mwamba pang'ono lina m'munsi, zonsezo zili bwino, bola nthawi imodzi. Cholakwika chimene ndimachiona kwambiri n'chakuti munthu waganiza kale zotembenuka, ndiye dzanja lina limangopita pafupi ndi khoma n'kubwerera lisanakhudze. Woweruza wa pakhoma waima pamwamba panu penipeni, akuyang'ana zala zanu. Gundani kaye, mumve khoma m'zikhatho zonse, kenako chotsani dzanja. Ndipo mukaona kuti khoma layandikira moti simungamalize dongosolo lonse, lamulo limalola kuti kupalasa komaliza kukhale kwa manja okha popanda miyendo. Chimene sililola ndi kukupiza kuti mufikire.

Za chagulugufe ndi chagada ndingokhudza, tidzazikamba bwino tsiku lina. Chagulugufe khoma lake ndi chimodzimodzi, manja awiri, olekana, nthawi imodzi. Manja apite kutsogolo pamwamba pa madzi, onse limodzi, mpaka pomaliza. Mukatsala pang'ono kufika n'kuwazembetsa pansi ngati chachule, mwalakwa. Kachule kumiyendo n'koletsedwanso. Pa chagada, khalani chagada, kupendekeka kusafike poimika mapewa chilili. Potembenuka mutha kugudubukira pamimba, koma pomwepo mukoke n'kutembenuka mosadukiza, ndipo pochoka pakhoma mukhale mwabwerera chagada. Pomaliza gundani muli chagada, osatembenuka kuti muone khoma. Timbendera tija tili pa mamita 5 kuchokera kukhoma, ntchito yake ndi yoti muwerengere manja anu. Inu osambira zosakaniza, kumbukirani kuti gawo lililonse limamalizidwa ndi lamulo la kumaliza kwake, ndiye pochoka pa chagada kupita pa chachule mugunde khoma muli chagada.

Woweruza akaona cholakwika sakuimitsani. Mumasambira mpaka kumapeto, iye amakapereka lipoti kwa woyang'anira mpikisano, ndipo uyo ndiye amagamula. Inu makolo, zikatero musathamangire kwa woweruza. Bwerani kwa ine, ndikafunse chimene chalembedwa, tidziwe chokonza.

Tsopano zokachita kudziwe. Aliyense abwere ndi mnzake woti azimuwerengera. Tikatenthetsa thupi, musambira mamita 50 a fulisitayilo momasuka, mnzanu alembe nthawi. Mukangogunda khoma, ikani zala ziwiri pakhosi, werengani kugunda kwa mtima kwa masekondi 10, chulukitsani ka 6. Mupume mpaka mtima ukhazikike. Kenako mamita 50 a chachule, muyesetse kufika pa nthawi yomwe ija, n'kuwerenganso mtima. Tinene kuti fulisitayilo munasambira pa masekondi 50. Pa chachule mwina mufika 50 yomweyo muli wefuwefu, mwina simufika n'komwe. Kusiyana kwa manambala awiri a mtimawo ndiye mtengo wa chachule pa thupi lanu, ndipo tidzauyezanso pakatha mwezi.

Kenako tichita mamita 25 kasanu ndi katatu, chachule, kuyambira pakhoma. Mnzanu avale magalasi, amire pambali panu, awerenge ndi zala: kukupiza kangati, kukoka kangati, kukankha kangati, ndipo mutu unatuluka manja ali pati. Akatuluka akuuzeni zoona, osakunyengererani. Inu muziwerenga kuti mwapalasa kangati kuti mufike tsidya linalo. Ngati poyamba ndi 14, yesani 13 pa nthawi yomweyo, osati pochedwetsa dala koma potseka miyendo mpaka mapazi akumane. Mukafika pakhoma, ngakhale ndi maphunziro chabe, ngakhale mwatopa, manja awiri. Amene agunde ndi dzanja limodzi abwereza mamita 25 amenewo.

Musaiwale magalasi, ndipo amene mawondo akumupweteka andiuze tisanalowe m'madzi. Tionana kudziwe.